Wotchi yanga yowerenga makalori ndi mafuta a m'thupi, patatha miyezi yambiri ndikuivala

Wotchi iyi ndinaigula kuno ku Joni chifukwa cha zinthu ziwiri zomwe zinalembedwa pabokosi lake: kuwerenga makalori amene thupi latentha, ndi kuyeza kuchuluka kwa mafuta a m'thupi. Ndaivala nyengo yozizira yonse mpaka kulowa nyengo yotentha, ndipo pakati pa miyezi imeneyi ndinakayezetsa thupi kulabotale ya zamasewera kuti ndione ngati manambala ake akugwirizana ndi a makina akuluakulu. Ndemanga yanga ndi iyi: wotchiyi imayeza bwino kugunda kwa mtima, koma makalori ndi mafuta siiyeza ayi, imachita kuyerekeza kuchokera ku zinthu zina. Mavuto ake onse amachokera pamenepo.

Ndiyambe ndi makalori, chifukwa ndi pomwe inandikhumudwitsa kwambiri. Kulabotale amakuvekani masiki yotseka mphuno ndi pakamwa, yolumikizidwa ku makina owerenga okosijeni amene mwakoka ndi mpweya woipa umene mwatulutsa. Thupi silingatenthe chakudya popanda okosijeni, ndipo lita imodzi ya okosijeni imayenderana ndi makalori pafupifupi 5. Choncho akadziwa okosijeni amene mwagwiritsa ntchito, adziwa mphamvu zimene mwatentha. Wotchi ilibe njira yofikira mpweya wanu. Ili ndi kuwala kobiriwira kumene kamawerenga magazi akamadutsa pamkono, ili ndi kachipangizo komva kugwedezeka kwa dzanja, ndiye ili ndi zaka, msinkhu ndi kulemera zimene munalembamo nokha. Zimenezi imaziika m'masamu amene anapangidwa poyeza anthu ena, n'kukupatsani nambala.

Tsiku loyezetsa ndinayenda mofulumira pamakina oyendapo opendekeka ngati chitunda kwa mphindi 30, masiki ili kumaso, wotchi ili pamkono. Ndimalemera makilogalamu 82. Makina anaonetsa kuti ndinkagwiritsa ntchito malita 1.6 a okosijeni pa mphindi, omwe ndi makalori 8 pa mphindi, ndiye onse pamodzi 240. Wotchi inalemba 310. Kugunda kwa mtima inakupeza bwino, kunkasiyana pang'ono chabe ndi lamba wa pachifuwa amene anandimangirira. Pomwe inasokonekera ndi potembenuza kugundako kuti kukhale makalori.

Palinso china chimene ambiri sachiona. Mwa makalori 240 aja, ena ndikanawatentha ngakhale ndikanangokhala pampando. Thupi langa likangopuma limatentha pafupifupi 1,700 pa tsiku, kutanthauza 35 kapena 36 pa theka la ola. Ndiye phindu lenileni la kuyendako linali makalori 205 basi. Mawotchi ambiri amaonetsa manambala awiri, ina yolembedwa "Active" ina "Total", ndipo si onse amene amaika yofanana patsogolo. Munthu amene waona 310 n'kudziuza kuti wapeza mpata wodya chakudya cha makalori 310, wadya 100 owonjezera. Akatero kasanu pa sabata ndi 500, ndipo popeza kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, pakatha miyezi itatu ndi theka ndiye kuti kilogalamu yathunthu imene ankayembekezera kutaya ikadali pomwepo. Iye n'kumadabwa kuti bwanji sikelo siikusuntha pomwe wotchi ikumuombera m'manja tsiku lililonse.

Si wotchi yanga yokha. M'chaka cha 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anayesa zipangizo za pamkono zisanu ndi ziwiri pa anthu 60, akuziyerekeza ndi makina a mpweya. Pa kugunda kwa mtima, zisanu ndi chimodzi zinalakwa ndi maperesenti osafika 5. Pa makalori, chimene chinachita bwino kuposa zonse chinalakwa ndi maperesenti 27, ndipo chomalizira chinalakwa ndi 93. Mawotchi asintha kuchokera nthawi imeneyo, koma gwero la vutoli silinasinthe: mtima ndi okosijeni siziyendera limodzi nthawi zonse.

Zimenezi ndinaziona bwino nyengo itasintha. Njira yomweyo, liwiro lomwelo, koma masiku otentha wotchi inkandipatsa makalori ambiri kuposa mu Julaye. Kukatentha, mtima umathamanga kuti upope magazi kupita kukhungu n'kuziziritsa thupi, ndipo mukataya thukuta lambiri magazi amachepa pang'ono, mtima n'kuwonjezeranso liwiro. Minofu siikugwira ntchito yoposa ya dzulo, koma wotchi imaona mtima wokha n'kuganiza kuti mwalimbikira. Khofi, nkhawa, kusagona ndi malungo zimachitanso chimodzimodzi. Kunyamula zitsulo ndiye kumaisocheretsa kwambiri, chifukwa mtima umakwera msanga pomwe okosijeni sakwera mofanana, komanso kufinya chitsulo mwamphamvu kumasokoneza kuwala kuja pamkono. Mukamakankha wilibala kapena kugwira chiongolero cha njinga, dzanja siligwedezeka ngati poyenda, ndipo ngati simunaiuze zimene mukuchita imatha kuchepetsa ntchito yanu.

Nkhani ya khungu lakuda ndinaitsatira chifukwa imatikhudza. Kuwala kobiriwira kumamezedwa ndi chinthu chimene chimadetsa khungu, ndipo kafukufuku wa ku Stanford uja anapeza kuti zolakwika zinali zokulirapo kwa anthu a khungu lakuda. Kafukufuku wina wa pa yunivesite ya Duke wa 2020 sanapeze kusiyana koonekeratu pakati pa mitundu ya khungu, koma anapeza kuti kulakwa kumakula munthu akamagwedezeka. Kwa ine chimene chinasintha zinthu ndi lamba. Akakhala wolefuka, mzere wa mtima pafoni umadukaduka kapena kudumpha mwadzidzidzi. Ndikamangitsa, wotchi ili pamwamba pang'ono pa fupa la pamkono, mzere umayenda bwino.

Tsono mafuta a m'thupi. Apa wotchi imadutsitsa magetsi ochepa kwambiri, osamveka n'komwe, kuchokera pansi pa wotchi, kudzera m'mkono ndi pachifuwa, kukatulukira m'zala za dzanja linalo zimene mwagwiritsa mabatani. Njirayi imatchedwa BIA. Magetsi amayenda mosavuta m'madzi a mchere amene adzaza m'minofu, koma amavutika m'mafuta. Ndiye chimene wotchi imayeza ndi kuvuta kwa njira ya magetsi basi. Kuchokera pamenepo imayerekeza madzi a m'thupi lonse, kenaka imagwiritsa ntchito mfundo yakuti mbali ya thupi yopanda mafuta ili ndi madzi pafupifupi maperesenti 73, ndipo zotsala imazitcha mafuta.

Tiwerenge ndi thupi langa. Wotchi ikaganiza kuti ndili ndi madzi malita 45, mbali yopanda mafuta ndi 45 kugawa ndi 0.73, zomwe ndi makilogalamu 61.6. Kuchotsa pa 82 kutsala 20.4, ndiye mafuta ndi maperesenti pafupifupi 25. Koma ikangoganiza kuti madzi ndi malita 46.5, mbali yopanda mafuta ikhala 63.7, mafuta 18.3, omwe ndi maperesenti 22. Lita imodzi ndi theka yasuntha nambala ndi mapointi pafupifupi atatu, thupi lili lomwe lija. N'chifukwa chake ndikayeza nditangomaliza masewera, mikono ili yotentha komanso yodzaza magazi, ndinkaoneka wochepa mafuta, ndipo m'mawa mwake mafuta aja ankabwerera. Palibe munthu amataya ndi kubwezeretsa makilogalamu awiri a mafuta usiku umodzi. Mukaona nambala yadumpha chonchi, dziwani kuti ndi madzi.

Zolakwika zina ndi za kagwiridwe. Mikono ikakhudza nthiti, kapena manja awiri akakhudzana, magetsi amadutsa njira ya chidule ndipo nambala imasokonekera. Zala zouma kwambiri, monga zimakhalira nyengo yozizira ya kuno, zimachititsa kuti ikane kumaliza. Kulemera mumachita kulemba nokha, ndiye mukasiya kwa mwezi watha masamu onse amayambira polakwika. Ndipo miyendo, kumene kuli minofu yambiri, magetsi safikako kwenikweni; wotchi imangoganiza kuti miyendo yanu ikufanana ndi ya anthu amene anayezedwa popanga masamuwo. Munthu wa mikono yoonda koma ntchafu zamphamvu, ngati wopalasa njinga, akhoza kupatsidwa mafuta oposa amene ali nawo. Opanga mawotchiwa amaletsanso amayi oyembekezera ndi anthu amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda kuti asayeze mwa njira imeneyi.

Makina amene ndinayerekezera nawo ndi DXA. Mumagona chagada kwa mphindi zingapo, mkono wa makina n'kumadutsa pamwamba ndi ekisile yofooka ya mphamvu ziwiri, imene imasiyanitsa mafupa, mafuta ndi minofu, chiwalo ndi chiwalo. Ulendo woyamba DXA inati maperesenti 27.5, wotchi m'mawa womwewo inati 25. Patapita miyezi ingapo, nditachepetsa kudya ndi kuwonjezera kuyenda, DXA inati 25.5, wotchi 22.5. Nambala yeniyeni inaiphonya maulendo onse, koma inaphonyera mbali imodzi, ndipo kutsikako inakuona. Izi zikufanana ndi zimene akatswiri a ku malo a kafukufuku a Pennington ku Louisiana ndi a ku Hawaii, ku America, anafalitsa mu 2022 atayerekeza mawotchi a mtundu uwu ndi DXA: pa gulu la anthu zotsatira zinayenderana bwino ndithu. Kungoti kuyenderana pa gulu sikutanthauza kuti nambala ya munthu mmodzi ndi yolondola. DXA nayonso si yangwiro. Madzi ndi chakudya cha m'mimba imaziwerenga ngati mbali yopanda mafuta, ndipo makina a makampani osiyana amapereka manambala osiyanako, n'chifukwa chake ulendo wachiwiri ndinabwerera ku makina omwe aja, ndisanadye.

Panopa ndimayeza mafuta m'mawa, nditachoka kuchimbudzi, ndisanadye kapena kumwa kanthu, nditaima, mikono ili kutali ndi nthiti, nditalemba kulemera kwa tsikulo. Nambala ya tsiku limodzi sindiilabadira. Ndimayang'ana kumene mzere wa mwezi wonse ukulowera, ndipo ndimatsimikizira ndi tepi yoyezera m'chiuno. Makalori ndimangowagwiritsa ntchito kuyerekeza sabata ino ndi yatha pa masewera ofanana, osati kusankha kukula kwa mtanda wa nsima wa madzulo. Amene akufuna wotchi yowerenga masitepe, mtima ndi tulo aigule. Amene akufuna kudziwa makalori amene thupi lake limatentha pa tsiku apeza yankho loyandikira polemba zimene akudya ndi kuyeza kulemera kwa masabata anayi: kulemera kukapanda kusintha, zimene akudyazo ndizo akutentha.