Ndemanga yanga: kuika ndalama pa akaunti yobetcha kudzera pa foni komanso limiti ya pa sabata

Papita miyezi inayi chiyikireni limiti ya ndalama zomwe ndingaike pa akaunti yanga yobetcha ndiye ndati ndikuuzeni abale mmene zikuyendera. Kuika ndalama ndi kophweka, mwina kophweka mopitirira. Ine ndimagwiritsa ntchito Airtel Money, anzanga ena ali pa Mpamba, koma njira zake ndi zofanana. Pa apu umadina Deposit, kulemba ndalama, kenako pa foni pamatulukira kabokosi kofunsa PIN, ukangolowetsa basi meseji yafika ndalama zalowa, mphindi imodzi siikwana. Ukakhala wopanda bandulo utha kudutsira pa *211# kapena *444# kwa a Mpamba, koma kumeneko uzionetsetsa dzina la kampani ndi nambala ya akaunti usanaike PIN. Ndipo meseji ija musamafufute chonde. Tsiku lina ndinaika K2,000 ku foni yachoka koma ku akaunti kuli zii, nditaimbira a kampani yobetchayo chinthu choyamba kufunsa chinali nambala ya transakishoni yomwe ili mu mesejimo, ndalama zinadzalowa patatha maola ngati atatu. Chomwe ndinachita bwino tsiku limenelo nkusaikanso kachiwiri.

Kuphweka kumeneku ndiye kunandipweteka. Kale ndimapita ku shopu ndi ndalama ya m'manja, ikatha ndabwerako. Pa foni ndalama siioneka kuti ikutha, K1,000 apa, K500 apo, tikiti yafa ndi timu imodzi ndiye mtima ukuti bweza, uli pabedi 11 koloko usiku PIN ili m'mutu. Nditakhala pansi kuwerenga mameseji a mwezi umodzi ndinapeza K47,000, ine ndikuganiza kuti mwina ndi K15,000. Mayi a kunyumba anali atandifunsa kawiri za ndalama ya magetsi.

Limiti ndinaipeza movutikira, anaibisa mkati mwa Account pansi pa Responsible Gaming, pamenepo ndawachotsera nyenyezi imodzi chifukwa batani la Deposit ndi lalikulu lowala pomwe ichi mpaka usakesake. Umasankha ya pa tsiku, pa sabata kapena pa mwezi. Ndinasankha ya pa sabata, K5,000. Ya pa tsiku imanyenga, K1,000 ikuoneka yochepa koma masiku 30 ndi K30,000, ya pa mwezinso utha kuimaliza pa wikendi yoyamba malipiro atangolowa.

Sabata yoyamba inayenda chonchi. Loweruka ndinaika K2,000, Lamulungu K2,000 ina, zonse zinapita. Lachitatu kuli Champions League ndinayesa K3,000, kabokosi ka PIN sikanabwere nkomwe, pa sikirini anangolemba kuti ndatsala ndi K1,000 yokha. Ndinapsa mtima ndithu, ndinathamangira kukakweza limiti kufika K10,000, apo anandiuza kuti kukweza kumadikira maola 24 pomwe kutsitsa kumagwira pompo. Mmawa mwake magemu atatha mtima utazizira ndinaletsa pempho lija. Kwa ine maola 24 amenewo ndiye chinthu chabwino kwambiri pa apu yonseyi, chifukwa ndalama zambiri ndinkataya mu ola limodzi lotsatira tikiti yakufa.

Koma mudziwe malire ake. Limiti imawerenga ndalama zolowa kuchokera ku foni basi, osati zomwe ukubetcha. Sabata ina ndinawina K18,000 pa tikiti ya K500, ndinaisiya mu akaunti, pofika Lolemba yonse inali itathera pa gemu yobetcha ya kandege ndipo limiti sinanene kanthu popeza sindinaike dipoziti iliyonse. Panopa ndikawina ndimatapa nthawi yomweyo kupita ku foni, chifukwa ikafika kumeneko kuti ibwererenso imayenera kudutsa pa K5,000 ija. Muonenso kuti sabata yawo amawerenga bwanji, kwanga ndi masiku 7 kuchokera pomwe waika, ndiye K2,000 ya Loweruka imamasuka Loweruka linalo osati Lolemba, ndinasokonezeka nazo poyamba.

China chachikulu, limiti imagwira pa kampani imodzi yokhayo. Ine ndinali ndi maakaunti awiri, ndiye uku akakana chala chimapita chokha kwinako pa nambala yomweyo ya foni. Ndinachita kutseka inayo, ndipo ndalama ya nyumba ndinaisamutsira ku simu ina yomwe imakhala ndi mayi a kunyumba. Ku shopu nako palibe amene angakuletse ukapita ndi keshi.

Nyenyezi 4 mwa 5. Mwezi watha ndinaika K17,000 yonse pamodzi, ndipo sabata ino ndikufuna nditsitse limiti ifike K4,000.