Mawu Awiri pa Pepala la Apu: Ena Amabala Mkangano

Mayi wina wogulitsa nkhuku ku Limbe akufuna apu yolandirira maoda. Pali njira ziwiri zolembera zofuna zake asanalembe ntchito mnyamata wopanga mapulogalamu.

Yoyamba ndi yachidule: "Kasitomala azitha kulipira pa foni." Imamveka bwino, koma tsiku lolandira ntchito mpamene pamavuta. Mnyamatayo waika Airtel Money yokha, mayi amayembekezeranso TNM Mpamba. Wolakwa ndani? Pepala silikunena, ndiye ndalama yotsala aikanganirana.

Yachiwiri imatchula zoti ziyesedwe pamaso pa onse awiri. Kasitomala asankhe Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama ikalowa, oda isinthe kukhala "yalipidwa" pasanathe mphindi 2, ndipo mayi alandire uthenga. Netiweki ikaduka pakati, monga ichitira magetsi akazima, oda isalembedwe kawiri. Mfundo yomalizayi ambiri amaiiwala, chonsecho ndi imene imabweretsa makasitomala olusa.

Njira yachiwiriyi imadya madzulo athunthu kulemba, ndipo wopanga apu angakweze mtengo ataona kukula kwa ntchito. Ine ndingasankhebe yomweyi, nkulembamo kuti gawo lomaliza la malipiro lituluka mfundo zonse zikayesedwa pa foni ya mayiyo, osati pa laputopu ya mnyamatayo.