Chitsulo, aluminiyamu kapena paini: mtanda wopachikapo sikelo ya tiyi

Kwathu kuno ku Thyolo tinkafuna mtanda wopachikapo sikelo yoyezera masamba a tiyi, woti munthu mmodzi aziunyamula paphewa kuchoka munda uwu kupita munda uwo. Kutalika mamita 2, thumba la makilogalamu 50 pakatikati, ndipo usawerame kupitirira mamilimita 5. Anzanga onse anati chitsulo basi. Ine ndinayamba ndatsegula tchati cha Michael Ashby, katswiri wa zipangizo wa ku yunivesite ya Cambridge, chimene chimaika kusapindika kwa chinthu (E) mbali ina, kulemera kwake pa voliyumu (ρ) mbali inayo.

Apa ambiri amasochera. Amagawa E/ρ, n'kupeza chitsulo 27, aluminiyamu 26, paini 20, n'kumati zonse n'zofanana. Komatu muyeso umenewo ndi wa ndodo yokokedwa. Mtanda umapindidwa, ndipo ukanenepa kawiri mbali zonse, kusapindika kwake kumakula ka 16 pamene kulemera kwangokula kanayi. N'chifukwa chake muyeso woyenera ndi √E/ρ. Patchatipo mumajambula mzere umene E amakula ka 100 pamene ρ wakula ka 10, n'kumaukankhira m'mwamba. Chotsalira pamwamba pa mzere ndicho chapambana.

Chitsulo chili ndi E ya 210 GPa, GPa pokhala muyezo woyezera E, ndi ρ ya matani 7.85 pa kiyubiki mita, muyeso 1.8. Aluminiyamu 70 ndi 2.7, muyeso 3.1. Paini wouma, motsatira mitsempha yake, ali pafupifupi 10 ndi 0.5, muyeso 6.3.

Nditawerengera ndi δ = FL³/48EI, pamene δ ndi kuwerama kwa mtanda, F mphamvu ya katundu, L kutalika kwa mtanda, ndipo I amachokera ku kunenepa ndi kaumbidwe kake, mtanda wa mbali zinayi zofanana wopanda mphako unatuluka chonchi: wachitsulo wonenepa mamilimita 31, wolemera makilogalamu 15; wa aluminiyamu mamilimita 41, makilogalamu 9; wa paini mamilimita 67, makilogalamu 4.5 okha. Aluminiyamu ndinamusiya msanga, mtengo wake ndi wokwera ndipo owotcherera ake ngosowa.

Musathamangire kwa ocheka matabwa, chifukwa muyesowu umaganiza kuti mitanda yonse yaumbidwa mofanana. Chitsulo chimabwera ngati chubu. Ya mamilimita 50 mbali zonse, khungu lake mamilimita 2, imalemera makilogalamu 6, ndipo imawerama pafupifupi theka la malire athu aja. Mpikisano weniweni uli pamenepo: makilogalamu 4.5 a paini ndi 6 a chubu.

Ndiye pali zimene tchati sichikuuzani. Paini wa patchati ndi wouma, wopanda mfundo. Wathu amagona m'chifunga cha chiperoni, amamwa chinyezi n'kufewerapo, ndipo akasenza katundu nthawi yaitali sabwereranso bwinobwino. Muike pansi posalala madzulo. Mukaona kuwala kukudutsa kunsi kwake, wayamba kukhota. Mfundo ikakhala kunsi, pakati, kumene mtengo ukukokeka, mng'alu umayambira pomwepo. Chiswe ndiye sindinena.

Ine ndinasankhabe paini, chifukwa sikelo imapachikidwa maola ochepa ndipo phewa la wonyamula ndi limene ndinkalimvera chisoni. Tinatenga thabwa la mamilimita 50 ndi 75, n'kuliimika cham'mbali kuti mbali ya 75 iime chilili, n'kulipaka penti. Mtanda wokhala panja chaka chonse ndikanatenga chubu.