TRUE, FALSE kapena XLOOKUP: iti ikupatsani mtengo woona?

Anthu ambiri sasankha TRUE mwadala. Amangosiya gawo lachinayi la VLOOKUP, fomula ya mu Excel yofufuzira zinthu pa mndandanda, osadziwa kuti likasowa, Excel imaika yokha TRUE. Tiyeni tione zomwe zimachitika pa mndandanda wa katundu wa m'golosale uwu, kuyambira A2 mpaka C6:

```
10  Sopo    1500
20  Mchere   800
50  Mafuta  9000
30  Shuga   4500
40  Mpunga  3500
```

Mukalemba `=VLOOKUP(30,A2:C6,3)` mupeza 800, mtengo wa mchere, chikhalirecho shuga ali pomwepo.

Chifukwa chake n'chakuti TRUE siwerenga mzere uliwonse. Imakhulupirira kuti manambala akukwera kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, choncho imayambira pakati. Pakatipo yapeza 50. Popeza 50 waposa 30, imati zonse za m'munsi mwake n'zazikulu kuposa pamenepo, n'kuzitaya osaziona, shuga ndi mpunga momwemo. Kwatsala 10 ndi 20, ndipo imatenga nambala yaikulu yosapitirira 30, yomwe ndi 20. Mukafufuza 40 mupezanso 800 yemweyo. Choipa kwambiri n'choti 10, 20 ndi 50 akutuluka bwinobwino, ndiye munthu woyesa mizere iwiri yoyambirira amaona ngati zonse zili m'malo. Mukakayika, sinthani 3 kukhala 1: fomula ikuonetsani nambala yomwe yaimapo, ndipo pano ionetsa 20 m'malo mwa 30.

FALSE ilibe chidule chotere. `=VLOOKUP(30,A2:C6,3,FALSE)` imayamba pamwamba, mzere ndi mzere, mpaka itapeza 30 weniweni, n'kubweza 4500. Ikapanda kumupeza imalemba `#N/A`, ndipo ine ndimakonda zimenezo kusiyana ndi nambala yooneka bwino koma yabodza. Vuto lake n'kusakhululuka: 30 wosungidwa ngati mawu sagwirizana ndi 30 wa nambala. Komabe pa manambala a katundu, a antchito kapena maina, sankhani iyi.

Sikuti TRUE n'njachabe. Pa malikisi a mayeso, pomwe magiredi akuyambira pa 0, 40, 60 ndi 75, wopeza 67 ayenera kugwera pa 60, ndipo FALSE singathe zimenezo. Koma malirewo asanjidwe kuyambira waung'ono. Wina akadzawonjezera mzere m'munsi mosasamala, mayankho amasokonekera popanda chenjezo lililonse.

XLOOKUP imachotsa msampha wonsewu. `=XLOOKUP(30,A2:A6,C2:C6)` imafuna nambala yeniyeniyo ngakhale musaiuze, ndipo mukaika -1 pa `match_mode`, gawo lake lachisanu, imapeza giredi yoyenera ngakhale malire asanasanjidwe. Kungoti ili mu Excel 2021, Microsoft 365 ndi zina zatsopano. Mnzanu wa Excel 2016 kapena 2019 akatsegula failo yanu adzaona `_xlfn.XLOOKUP`, kenako `#NAME?` fomula ikawerengedwanso. Ngati failoyo imayenda m'makompyuta ambiri, khalani pa VLOOKUP ndi FALSE.