Foni ya ku Amereka kapena ya ku Dubai?

Mukamayerekeza mafoni awiri, yambani ndi mabandi, kutanthauza mafunde a netiweki amene foni imatha kugwira. Kuno ku Lusaka, 4G ya MTN ndi Airtel imadalira kwambiri Band 3, ya 1800 MHz. Foni yogulitsidwa ku Dubai nthawi zambiri imakhala nayo. Yopangidwira msika wa ku Amereka, makamaka yotsika mtengo, imatsamira pa Band 2, 4 ndi 12, ndipo ina ilibiretu Band 3. Ikafika kuno imatha kuimba bwinobwino, koma intaneti nkumangokakamira pa H kapena E ngakhale muli pakati pa Cairo Road.

Dzina lokha lisakunamizeni. Funsani wogulitsa nambala ya mtundu wake: Samsung yothera ndi U ndi ya ku Amereka, ndipo ingakhalenso yokhomedwa ku kampani imodzi. Ine ndingasankhe ya ku Dubai.