Ngongole ya eni kampani kapena masheya: masamu a ZRA akuti bwanji?

Abale awiri a ku Kamwala omwe ndimawalembera mabuku anaika K5,000,000 m'kampani yawo yogulitsa simenti ndi malata. Masheya analembetsa ochepa chabe, ndalama zonsezo n'kuzitcha ngongole ya 20 peresenti pa chaka. Maganizo awo anali omveka: chiwongoladzanja chimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, pomwe phindu logawana pa masheya limatuluka kampani italipira kale msonkho. Anangoiwala kuti kuchotsako kuli ndi malire.

Kuyambira pa 1 Januwale 2019, kampani muno mu Zambia imaloledwa kuchotsa chiwongoladzanja chosapitirira 30 peresenti ya chimene akauntanti amachitcha EBITDA. Limeneli ndi phindu loyenera msonkho musanachotsepo chiwongoladzanjacho ndiponso gawo lomwe lamulo limalola pa kutha kwa malole, makina ndi nyumba. Kale a ZRA, bungwe lotolera msonkho, ankayang'ana kukula kwa ngongole poyerekeza ndi masheya, 3 kwa 1, ndipo zinkakhudza makampani a migodi. Pano akuyang'ana zimene bizinesi yapanga chaka chimenecho. Mabanki, makampani a inshuwaransi ndi ang'onoang'ono olipira msonkho pa zogulitsa zonse mulibemo.

Kwa abalewa EBITDA inali K2,000,000, ndipo za kutha kwa katundu zinali K500,000. Malire awo, ndiye kuti, K600,000.

Njira yomwe anasankha, ya ngongole yokhayokha, inabala chiwongoladzanja cha K1,000,000. Chololedwa ndi K600,000 basi. Phindu la msonkho linakhala K900,000, ndipo pa 30 peresenti ya msonkho wa makampani analipira K270,000. Wamkuluyo ankayembekezera K150,000. Anatenga pepala, n'kuliyang'ana kawiri, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, nanga K400,000 inayo yalowera kuti?"

Sinatayike. Chiwongoladzanja chokanidwa chimasungidwa mpaka zaka 5, ndipo mungachichotse chaka chimene mpata wapezeka pansi pa malirewo. Vuto lili pa mpatawo. Kuti K1,000,000 ya chaka chilichonse ikwane yokha, EBITDA iyenera kufika pafupifupi K3,333,000, ndipo zakale zija zimayamba kulowa pokhapokha mwadutsa pamenepo. Bizinesi ikangoima pomwe ili, chaka ndi chaka mukuunjika K400,000 ina, zoyambazo n'kumafa nthawi yake ikatha. Pomwe msonkho wodulidwiratu wa 15 peresenti pa chiwongoladzanja cha mwini wokhala muno, womwe ndi 20 peresenti kwa wakunja, suyang'ana zoti china chakanidwa. Umadulidwa pa K1,000,000 yonse: K150,000.

Akanaika zonse ngati masheya, nkhani ikanakhala yaifupi. Palibe chiwongoladzanja chochotsa, phindu la msonkho K1,500,000, msonkho K450,000. Kuposa njira yoyamba ndi K180,000. Ndiye amene amati ngongole ya eni ilibenso ntchito akulakwitsa. Komanso ndalama ya masheya ndi yovuta kuitulutsa. Ngongole kampani imangobweza ikapeza, koma kuchepetsa masheya kuli ndi ndondomeko yake yaitali. Ubwino wake umaonekera kubanki, komwe amakonda kuona eni ataika zawo zosachoka msanga.

Imene ndinawalangiza ndi yosakaniza: K3,000,000 ikhale ngongole, K2,000,000 isanduke masheya, kusinthako kulembetsedwe ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani. Chiwongoladzanja chikhala K600,000 ndendende, chonse chololedwa. Msonkho wa kampani ndi womwe uja, K270,000, koma wodulidwiratu watsika kufika K90,000. K400,000 ija ikhala m'kampani n'kumagula simenti. Tsiku lomwe adzaigawane adzadulidwa 15 peresenti, inde, koma tsikulo adzasankha okha.

Pali msampha umodzi umene umagwira ngakhale osakanizawo. Malirewa si a ngongole ya eni yokha. Chiwongoladzanja chonse chimalowa m'dengu limodzi, cha kubanki chomwe. Abalewa akatenga lole pa ngongole ya banki yodya K250,000 pa chaka, mpata wa eni utsala K350,000, kutanthauza ngongole ya K1,750,000 pa 20 peresenti ija. Ndiponso EBITDA siikhazikika. Chaka chimene makontirakitala achepetsa kumanga n'kutsika kufika K1,200,000, malire amatsika nawo kufika K360,000, pomwe chiwongoladzanja cholembedwa m'pangano sichisuntha. N'chifukwa chake ine ndimawerengera chaka choipa, osati chabwino.

Wamng'onoyo anafunsa ngati sangangokweza chiwongoladzanja pa ngongole yochepayo kuti azitenga zomwezija. Malire ali pa makwacha, osati pa kukula kwa ngongole, choncho abwerera pomwe anachoka. Kuwonjezera apo ZRA imafuna kuti ngongole ya pachibale ikhale pa mtengo umene munthu wapadera akanavomera, ndipo idzafunsa pangano lolembedwa. Lawo linali pa tsamba la kope la sukulu, losaina mmodzi yekha.