Kuyamba ndi yaifupi kapena yotha msanga? Ine yaifupi inandipweteka

Anzanga awiri andifunsa funso lomweli sabata imodzi ndiye bola ndingolemba kamodzi basi. Nkhani yake ndi iyi: muli ndi chipinda chimodzi, anthu ambiri apempha kuchitiramo misonkhano, pempho lililonse lili ndi nthawi yoyambira ndi yothera, inu mukufuna kulowetsa misonkhano yambiri momwe mungathere popanda iwiri kugundana. Aliyense amadziwa kuti apa pamagwira njira yadyera, ija yongotola chooneka chabwino pompano osabwereranso m'mbuyo. Koma dyera lake liti? Pali njira zinayi zomwe anthu amazikonda ndipo yoona ndi imodzi yokha.

Tigwiritse ntchito mapempho asanu awa, manambalawo ndi maola: A 8–12, B 11–13, C 12–16, D 7–17, E 16–18. Ndi maso okha mukuona kuti A, C ndi E akukwana bwinobwino, itatu, ndipo palibe njira yopezera inayi.

Yotola woyamba msanga sitichedwa nayo. Itola D chifukwa wayamba 7, D wakhala m'chipindamo mpaka 17 ndipo ena onse agwa. Msonkhano umodzi tsiku lonse, zachisoni.

Tsopano yotola waufupi kwambiri, iyi ndiye ndili nayo chifukwa. Ndinaikhulupirira ndi mtima wonse pa ntchito ina ya kukalasi, maganizo anga anali oti msonkhano waufupi umadya nthawi yochepa ndiye usiyira ena malo ambiri, zomveka eti? Ndinayesa ndi timayeso tanga tonse tinadutsa, nditatumiza khodi ija inagwa pa mayeso obisika ndipo ndinatha usiku wonse ndikusaka cholakwika mu lupu pomwe lupuyo inalibe vuto, chovunda chinali ganizo lenilenilo. Taonani pa mapempho athu aja. Aafupi ndi B ndi E, maola awiri aliyense. Yatola onse awiri. Koma B wakhala pamphambano, mbali imodzi waluma ola lomaliza la A, mbali inayo waluma ola loyamba la C, ndiye kamsonkhano ka maola awiri kapha misonkhano iwiri. Zotsatira ndi 2 m'malo mwa 3.

Chomwe chimandinyansa nayo kwambiri n'choti siilakwa moonekera. Waufupi kwambiri sangagunde misonkhano yoposa iwiri ya mu yankho labwino, chifukwa akanagunda itatu ndiye kuti wapakatiwo uli m'kati mwake wonse, kutanthauza kuti wapakatiwo ndiye waufupi kuposa iye, zomwe sizingatheke. Choncho njirayi siingakupatseni zochepera theka la yankho loona, ndipo nthawi zambiri imalasa ndendende. Ndi chifukwa chake timayeso tolemba pamanja timadutsa, iwe n'kumadziona ngati katswiri. Yolakwa kwambiri ngati ya D ija bola, umaigwira tsiku lomwelo.

Yachitatu ndi yotola amene akugundana ndi anzake ochepa. Iyi imaoneka yanzeru ndipo pa mapempho athu asanu ipeza 3. Kuti muigwetse pamafunika mapempho 11: anayi ondondozana 0–2, 2–4, 4–6, 6–8, wina 3–5 pakati, kenako atatu ofanana a 1–3 ndi atatu ofanana a 5–7. Wa 3–5 akugunda awiri okha pomwe ena onse akugunda atatu kapena anayi, ndiye atoledwa, n'kupha 2–4 ndi 4–6. Kumanzere kutsala malo a mmodzi, kumanja mmodzi, zonse 3 pomwe anayi ondondozana aja analipo. Kuwerenga kugundanako nakonso ndi ntchito ina yapadera, mwavutika zambiri yankho n'kukhalabe lolakwa.

Yomwe ndimaiikira kumbuyo ndi yotola wotha msanga. Sanjani mapempho potengera nthawi yothera, yendani kuyambira pamwamba, aliyense amene akuyamba womaliza kutoledwa atatha mutengeni, wina aliyense mudumpheni.

```python
def sankha(mapempho):
    otoledwa, mapeto = [], float("-inf")
    for s, f in sorted(mapempho, key=lambda p: p[1]):
        if s >= mapeto:
            otoledwa.append((s, f))
            mapeto = f
    return otoledwa
```

Pa zathu zija ndandanda ikhala A, B, C, D, E. A watoledwa, mapeto ndi 12. B akuyamba 11, tamudumpha. C akuyamba 12, walowa, mapeto 16. D wa 7 uja ayi. E akuyamba 16, walowa. Itatu. Nthawi yonse imathera pa kusanja, O(n log n), kuyenda kwinako ndi kamodzi kokha. Chenjerani ndi `>=` ameneyo, ngati lamulo lanu likuti wina sangayambe pa ola lomwe mnzake wathera ndiye pakhale `>`, ndipo pa chitsanzo chathu C agwa, yankho lisintha. Funsani kaye musanalembe.

Koma poti yaifupi ija inandinamizapo ndi zitsanzo, chitsanzo chimodzi chodutsa sindichikhulupiriranso, ndimafuna umboni. Umboni wake ndi wosinthanitsa ndipo ndi waufupi. Tchulani pempho lotha msanga kuposa onse kuti g. Tengani yankho lililonse labwino kwambiri, lomwe simukulidziwa n'komwe koma lilipo, mulisanje mwa nthawi, msonkhano wake woyamba tiutche x. Ngati x ndi g yemweyo palibe nkhani. Ngati ndi wina, chotsani x muikepo g. Kodi g agunda wina? Ayi, chifukwa ena onse mu yankholo akuyamba x atatha, ndipo g amatha nthawi yomweyo kapena x asanathe, poti palibe wotha msanga kuposa g. Mwachotsa mmodzi mwaika mmodzi, chiwerengero sichinatsike. Ndiye kuti pali yankho labwino kwambiri lomwe likuyamba ndi g, kumutola sikunatitayitse kanthu.

Zikatero chotsani g ndi onse ogundana naye. Otsalawo ndi amene akuyamba g atatha, ndipo ndi funso lomwe lija koma laling'ono, ndiye mfundo yomweyi igwiranso pa wotha msanga wa otsalawo, kenako pa otsatira, mpaka mapempho atha. Pa sitepe iliyonse zomwe tatola zikadali chiyambi cha yankho lina labwino kwambiri, ndiye pomaliza zomwe tili nazo ndi yankho labwinolo.

Yesani umboni womwewu pa yaifupi muone pomwe ukuthyokera. Kuti B alowe mu A, C, E muyenera kutulutsa A ndi C, awiri kuti mulowetse mmodzi. Wotha msanga alibe vuto limeneli chifukwa kumanzere kwake kulibe msonkhano ungathe iye asanathe, amangoluma mbali imodzi. Ndikanayesa kusinthanitsaku papepala mphindi zisanu zokha usiku uja ndikanagona.

Osaitenga njirayi n'kupita nayo paliponse ayi. Imawerenga mitu basi, msonkhano uliwonse kwa iyo ndi wofanana ndi unzake. Mukangoti D ndi wa mapointi 10 ndipo ena aja ndi a 3 aliyense, iyo itolabe A, C, E n'kupeza 9 pomwe D yekha akupereka 10, kusinthanitsa kuja sikugwiranso chifukwa g akhoza kukhala wopepuka kuposa x amene mwamuchotsayo. Pamenepo dyera lilekeni, pamafunika dainamiki pulogalamingi. Ndipo ngati funso lili loti misonkhano yonse ichitike koma muchepetse zipinda, limenelo ndi funso lina, kumeneko mumasanja ndi nthawi yoyambira, ija yatigwetsa ndi D poyamba paja.